Foni inapita pa depoti, ngongole za anthu 37 zinapita nayo

Nachisale: Mwaswera bwanji nonse. Mai a Tadala, dzulo munafunsa ngati kuli bwino kusiya kope n'kumalemba zonse mufoni. Sindinayankhe chifukwa ndimafuna ndipeze kaye mpata. Ndikuuzeni zimene zinawaonekera alamu anga, amuna a akulu anga. Dzina sinditchula, ali ndi golosale ku Area 25, mbali ya ku Nsungwi. Amene bandulo yawo ndi yoperewera andikhululukire, nkhaniyi ndi yaitali.

Nachisale: Alamuwa kale ankalemba m'kope la hadikava ngati tonsefe. Kenako anagula foni yaikulu, mwana wawo n'kuwaonetsa ka apu kolembera kamene kanabwera ndi foniyo. Anakakonda. Munthu aliyense wotenga pangongole anali ndi tsamba lake: shuga mapaketi awiri, sopo, mafuta ophikira a lita, tsiku ndi mtengo. Madzulo akatseka ankalembanso kuti lero zalowa zingati. Kope analiponya pansi pa kauntala, mpaka akulu anga anayamba kung'ambamo mapepala okulungira mchere. Ndipo musawaone ngati munthu wosasamala ayi. Lamlungu lililonse ankajambula masamba onse aja n'kusunga zithunzi mu memole khadi. Tikawafunsa ankati, ine zanga zili pawiri.

Nachisale: Loweruka lina, pa 26, anapita kutauni kukaoda. Anamaliza bwinobwino ku Malangalanga, katundu anakweza, iwo n'kupita pa depoti kukakwera minibasi. Mukudziwa mmene pamakhalira pakhomo pa minibasi anthu akamalimbirana malo, wina kukukankha uku wina uku. Atakhala pansi anati aimbire kunyumba kuti katundu akubwera. Thumba la jekete lili pululu. Anapempha foni ya mayi amene anakhala nawo pafupi, kuimba, yazimitsidwa kale. Memole khadi ija imene ankadalira inali m'kati mwa foni momwemo.

Aphiri a Butchala: Ayayaya. Anapita kupolisi koma? Foni iliyonse ili ndi nambala yake ya IMEI, imakhala pa katoni. Ya mlamu wanga inapezeka ku Chinsapo patatha miyezi inayi.

Nachisale: Anapita Aphiri, lipoti analemba. Koma nkhani si foni. Foni anagula ina Lolemba lomwelo. Nkhani ndi yakuti tsikulo linali pa 26, malipiro a anthu atsala pang'ono kutuluka, ndipo anthu 37 amene ankatenga katundu mwezi wonse akuyembekezeka kudzalipira. Iwo alibe ngakhale kapepala kosonyeza kuti uje ali ndi zingati.

Chisomo wa Mafoni: Madala, ngakhale foniyo ikanapezeka ku Chinsapo ngati ya alamu anuyo, ikanabwera yopanda kanthu. Foni yobedwa chinthu choyamba amachotsa simu ndi memole khadi, kenako amaifufuta yonse kuti igulitsike. Mumalandira chigoba. Ine pa benchi panga sabata siitha osabwera munthu akulira zimenezi, ndipo mawu ake ndi amodzimodzi, ndinasunga mu memole. Zinthu ziwiri zimene zimayenda m'thumba limodzi zimasowanso limodzi.

Che Jafali: Ndi chifukwa chake ine pa hadiweya panga mpaka lero ndi kope ndi bolopeni. Zaka 19 ndili ku Mchesi, palibe wakuba anasolola hadikava m'thumba la munthu. Zamafonizi ndi za ana.

Mai a Tadala: Che Jafali musanene choncho. Langa kope linanyowa chaka chatha mu Janyuwale, lata linadontha usiku pamwamba penipeni pa shelefu. M'mawa ndinapeza masamba atamatana, inki ya buluu yayenderera yonse. Ndinaliyanika pa dzuwa koma theka silinawerengeke. Ndi chimene ndikufunira kusamukira mufoni.

Che Jafali: Chemwali, pamenepo vuto ndi lata, osati kope.

Mai a Tadala: Kwa alamu a Nachisale vuto linali wakuba, osati foni. Nanga tikusiyana pati?

Nachisale: Ndipitirize. Anyamata ogulitsa foni yatsopano ija anawauza kuti musadandaule bambo, zonse zimakhala ku Google, mungolowetsa imelo yanu. Alamu anga kufunsa, imelo yake iti? Apa ndi pamene panaoneka vuto lenileni. Tsiku limene anagula foni yoyamba ija, mnyamata wogulitsa ndi amene anawatsegulira akaunti kuti athe kutsitsa WhatsApp. Anailemba yekha, pasiwedi anaika yekha, iwo anangolandira foni ikugwira ntchito. Zaka ziwiri akuyenda ndi imelo imene sankaidziwa ngakhale dzina lake. Anapita kukamufuna mnyamatayo, anzake anati anapita ku Joni kalekale.

Chisomo wa Mafoni: Iyi ndiye nthenda yathu mu Lilongwe muno, ndipo ena a ife ogwira mafoni timalakwitsa, ndivomere. Kasitomala ali pachangu, iwe umangotsegula imelo yachisawawa kuti apite. Pasiwedi ikaiwalika Google imalola kuibweza, koma imatumiza kodi ku nambala kapena imelo ina imene inalembedwa ngati yopulumukira. Ikakhala nambala yanu palibe vuto, mumapita ndi chiphaso cha unzika kukabwezeretsa simu, kodi imabwera. Ikakhala nambala ya mnyamata amene ali ku Joni, kapena sanaikepo nambala iliyonse, zimavuta kwambiri. Chinanso anti Nachisale, ngakhale imelo ikanapezeka, si apu iliyonse yolembera imene imatumiza zolemba zanu kunja kwa foni. Zina zimasunga mufoni momwemo basi. Kukhala ndi imelo pafoni sikutanthauza kuti zonse zikusungidwa.

Nachisale: Eya, ndi zimene anauzidwa pambuyo pake. Ndiye anabwerera ku shopu manja lende. Mlungu umenewo unali wowawa. Ena anabwera okha, bambo ine ndili ndi 18 sauzande, nayi. Aphunzitsi ena anabwera ndi kabuku kawo kamene ankalemba okha zimene atenga, n'kulipira mpaka kakobiri komaliza. Koma mbiri itamveka kuti foni yapita, ena anayamba kudwala matenda oiwala. Mayi wina amene aliyense pamalopo amadziwa kuti amatenga mafuta sabata iliyonse anati, ine mwezi uno ndinangotenga machesi ndi buledi. Ena anasintha njira, n'kumadutsa kuseri kwa chigayo.

Aphiri a Butchala: Amenewo ndimawadziwa. Kwa ine amatenga nyama ya ndiwo za alendo, pa 30 alendowo amakhala kuti sanabwere.

Esinati: Nachisale, funso. Anthu 37 anawadziwa bwanji ngati zolemba zinapita? Ndipo anadziwa bwanji ndalama zimene anataya? Ndikufunsa chifukwa ndinagwirapo ukalaliki pa holoselo ina ku Old Town zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo anthu ambiri zikatere amangotchula nambala yochokera m'mutu.

Bambo a Yamikani: Alamu, mwabisa dzina koma aliyense wa ku Nsungwi wadziwa kale. Ndine ndemwe, anzanga. Ndili m'gulu muno chiyambire, ndimangowerenga. Manyazi anatha, ndiyankhe ndekha.

Nachisale: Kkkkk alamu pepani, ndimayesa simutsegula gulu lino.

Bambo a Yamikani: Mayi Esinati, maina 37 tinawapeza pokhala pansi usiku ine, mayi a kunyumba ndi mnyamata wondithandiza pa shopu. Tinkayenda m'maganizo nyumba ndi nyumba, mzere wa kumpopi, mzere wa kutchalitchi, mzere wa kuchigayo. Maina savuta. Chovuta ndi ndalama ya aliyense. Pa ndalama yonse pamodzi anandithandiza m'bale wina wa kumpingo amene amadziwa za akaunti. Anandifunsa zinthu zitatu: tsiku lomaliza limene ndinawerenga sitoko, malisiti a kooda, ndi ndalama zimene zinalowa. Mwayi wanga unali wakuti pa 1 mwezi umenewo tinawerenga sitoko ndi mnyamata uja, ndipo iye analemba pa chikatoni cha bisiketi asanandiwerengere kuti ndiike mufoni. Chikatonicho tinachipeza kuseri kwa filiji. Malisiti a kooda ndimawabaya pa msomali, analipo onse.

Esinati: Basi munapulumukira pamenepo. Ndifotokozere ena mmene zimayendera, mundikonze ngati munachita mosiyana. Mumatenga chinthu chimodzi chimodzi. Tinene shuga. Pa 1 munali ndi mabelo awiri, belo limakhala ndi mapaketi 20, ndiye mapaketi 40. Malisiti akuonetsa kuti m'mwezimo munaoda mabelo 6, mapaketi 120. Pamodzi 160. Lero mukuwerenga pa shelefu mwatsala 25. Ndiye kuti mapaketi 135 anatuluka pakhomo, kaya ndi kashi, kaya pangongole, kaya anakamwera tiyi kunyumba. Mumachulukitsa ndi mtengo wogulitsira, kenako sopo chimodzimodzi, mafuta chimodzimodzi, mpaka shelefu yonse.

Bambo a Yamikani: Ndi momwemo. Zinatitengera masiku awiri shopu ili yotseka theka. Katundu yense amene anatuluka, pa mtengo wogulitsira, anakwana K2,350,000. Kenako tinayang'ana zolowa. Ndalama zambiri ine ndimaziika ku Airtel Money ndi ku Mpamba kwa ejenti woyandikana nane kuti zisagone mu shopu, ndiye nditabwezeretsa masimu ndinakapempha masitetimenti. Kuphatikiza ndi kashi imene ndinaodera, zinakwana K1,780,000. Zotenga kunyumba, malipiro a mnyamata ndi zina zing'onozing'ono tinayerekeza K150,000. Yotsala K420,000 ndi imene inali m'manja mwa anthu. Zimene anthu anavomera n'kubweza zinakwana K265,000. Ndiye K155,000 inapita ndi mphepo.

Esinati: Nambala imeneyo muitenge ngati yoyerekeza, isakhale ngati ya m'Baibulo. Njirayi ili ndi malire awiri. Imaona katundu wa mwezi umenewo wokha, ndiye munthu amene anali ndi ngongole yakale ya miyezi ya m'mbuyo saoneka. Komanso ngati wina anabweza ngongole yakale m'mwezi womwewo, ndalama yakeyo imalowa m'gulu la zolowa n'kuchepetsa mpata uja. Mwachidule, zimene munataya mwina ndi zoposa 155, kuchepera apo n'kokayikitsa. Ndipo njirayi imakuuzani kuti kunja kuli zingati, siikuuzani kuti zili kwa ndani.

Bambo a Yamikani: Zoona mayi. Panali bambo wina wa ngongole ya miyezi itatu, ndimakumbukira kuti inadutsa 60 sauzande koma nambala yeniyeni ayi. Anandipatsa 20, tinagwirana chanza, nkhani inatha. Ukamukakamiza munthu wopanda umboni umataya ndalama ndi kasitomala yemwe.

Esinati: Za malisiti a pa msomaliwo ndiwonjezere. Aja otuluka m'makina, a pepala loterera, amafufutika okha. Akakhala pa dzuwa, miyezi ingapo mupeza pepala loyera. Muziwajambula tsiku lomwelo.

Che Jafali: Mwaona? Chimene chinawapulumutsa bambowa ndi chikatoni ndi msomali. Pepala! Ine ndimanena chiyani?

Bambo a Yamikani: Che Jafali, mbali ina mukunena zoona, ndipo ku kope ndinabwerera. Koma chikatonicho chinandipulumutsa chifukwa sichinakwere nane minibasi. Kukanakhala kuti shopu ndi imene yapsa, chikatoni, msomali ndi kope zikanapita limodzi, foni ya m'thumba ndi imene ikanatsala. Inu kope lanu limagona kuti?

Che Jafali: Mu shopu, m'diloo yokiya.

Bambo a Yamikani: Moto sufunsa kiyi.

Che Jafali: Mulungu atiteteze. Koma pa kalembedwe ndikuphunzitseni kanthu kamodzi inu achinyamata. Musamalembe ndalama yokha. Lembani kuti matumba atatu a simenti, osangoti zakutizakuti. Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, amene analemba ndalama yokha anabwezeredwa ndalama yosakwana kuoderanso katundu yemweyo. Ine ndinali ndi polankhulira chifukwa m'kope munali matumba.

Esinati: Pamenepo ndiye ndikugwirizana nanu kwathunthu, ngakhale kuti kasitomala kumulipiritsa mtengo watsopano pa ngongole yakale ndi nkhondo ina.

Mai a Tadala: Bambo a Yamikani, ndiye panopa mumachita bwanji? Tiuzeni pang'onopang'ono, enafe sukulu ya mafoni sitinapite.

Bambo a Yamikani: Palibe chozizwitsa mayi. Masana ndimalemba m'kope ndi bolopeni yakuda, tsiku pamwamba pa tsamba. Wotenga pangongole amasaina pambali pa mzere wake. Ndikatseka, ndisanazimitse nyali, ndimajambula tsamba la tsikulo. Ndimaligoneka pa kauntala, ndimajambula, kenako ndimakulitsa chithunzicho ndi zala kuti ndione ngati 3 ndi 8 zikusiyanitsika. Poyamba ndinkangojambula mothamanga, tsiku lina nditafuna kuwerenga ndinapeza mthunzi wa dzanja langa waphimba mzere wa ndalama. Ndikakhutira ndimatumiza pa kagulu ka WhatsApp ka anthu awiri, ine ndi mayi a Yamikani. Foni yawo siipita kutauni ndipo siigona ku shopu. Lamlungu tikachoka kutchalitchi ndimakopera ngongole zotsala za munthu aliyense m'kope lachiwiri limene limakhala kunyumba, ndipo tsamba limenelo ndimalijambula n'kuliika ku Google Drive, malo a Google osungira zinthu pa intaneti. Imelo tsopano ndinatsegula ndekha ndi nambala yanga, pasiwedi inalembedwa papepala lili mu envulopu imodzi ndi makalata a malo.

Mai a Tadala: Ine ndimadzitumizira ndekha pa WhatsApp, pali poti umatha kudzilembera wekha uthenga. Si chimodzimodzi?

Chisomo wa Mafoni: Ayi mayi, pamenepo ambiri amapusitsika. Mauthenga a WhatsApp amakhala mufoni mwanu, kampaniyo siikusungirani. Mukadzitumizira nokha, chithunzi chachoka mufoni yanu n'kulowa mufoni yanu yomweyo. Foni ikapita chapita, pokhapokha ngati bakapu ya WhatsApp, ija yokopera mauthenga anu ku Google, ili yoyatsa ndipo ikuyendadi. Zimene akuchita bambo a Yamikani n'zosiyana chifukwa chithunzi chikukafika mufoni ina. Komanso bambo, muziwakumbutsa mayi kuti azitsegula zithunzizo. Ngati anazimitsa zoti zithunzi zizitsika zokha pofuna kusunga bandulo, ndiye kuti mufoni mwawo muli kachithunzi kosaoneka bwino kokhala ndi muvi, chenichenicho sichinatsike. Pakapita nthawi yaitali chimatha kukana kutsika.

Bambo a Yamikani: Zimenezo zinatichitikira mwezi woyamba. Panopa akatsegula amayankha kuti ndaona, ndipo akapanda kuyankha ndimawafunsa pa nsima.

Chisomo wa Mafoni: Ndiye tiyeni tonse tichite izi panopa, sizitenga mphindi ziwiri. Pa foni ya Android tsegulani WhatsApp, dinani timadontho titatu pamwamba, kenako:

```
Settings > Chats > Chat backup
```

Pamenepo muona zinthu zitatu. Choyamba ndi tsiku limene bakapu inachitika komaliza. Chachiwiri ndi imelo imene ikusungira, muiwerenge bwinobwino ngati mukuidziwa. Chachitatu ndi kangati, musankhe Daily. Tsopano msampha uli apa. Mafoni ambiri amakhala atatcheredwa kuti bakapu izichitika pa Wi-Fi pokha. Ife ambiri Wi-Fi tilibe, ndiye foni imangodikira miyezi ndi miyezi, inu mukuyesa zonse zili bwino. Pansi pake pali poyatsa kuti izigwiritsa ntchito data ya pa simu, pamalembedwa zokhudza cellular kapena mobile data malinga ndi foni. Muyatse pamenepo. Pa Include videos muzimitse, mavidiyo a maukwati ndi a m'magulu ndi amene amadya bandulo ndi malo. Google imapereka 15 GB yaulere, ndipo kuyambira 2024 bakapu ya WhatsApp imawerengedwa m'malo omwewo pamodzi ndi zithunzi ndi maimelo. Akadzaza, bakapu imaima.

Aphiri a Butchala: Ine bandulo yanga ndi ya WhatsApp yokha ija yotchipa. Zitheka?

Chisomo wa Mafoni: Kutumiza chithunzi kwa mayi kunyumba kutheka. Koma bakapu imapita ku Google, ndiye kawirikawiri imafuna bandulo ya intaneti yonse. Njira yodziwira ndi kudina batani la Back up n'kuona ngati tsiku lija lasintha kukhala lero. Likapanda kusintha, sizinapite. Ulendo woyamba ndi umene umadya kwambiri chifukwa imanyamula zonse zakale, masiku otsatira imangowonjezera zatsopano. Masamba a kope okha ndi opepuka, nyimbo imodzi ya vidiyo imaposa masamba a mwezi wonse.

Nasibeko: Ine ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Zonsezi ndamva, koma ine zoti mabuku a bizinesi yanga azipita mufoni ya abambo a kunyumba tsiku ndi tsiku, ayi. Bambo a Yamikani inu muli ndi mwayi. Kwathu akangoona kuti lero zalowa 90 sauzande, mawa kubwera nkhani ya njinga yamoto yofuna matayala. Sadziwa kuti mu 90 imeneyo phindu mwina ndi 9.

Mai a Tadala: Kkkkk Nasibeko mwalankhulira ambiri.

Esinati: Sikuti mpaka akhale a kunyumba. Mng'ono wanu, mwana wanu wamkulu, kapena mnzanu wa ku banki m'khonde amene mumakhulupirirana. Kapena muzitumiza tsamba la ngongole lokha, la zolowa lizikhala kwa inu. Zolowa zimatha kupezekanso kudzera m'masitetimenti ndi sitoko monga taonera, ngongole ndi imene ilibe kwina kochokera.

Nasibeko: Mnzanga wa ku banki m'khonde aone kuti mayi abusa ali ndi ngongole ya mafuta kwa ine? Mawa Kawale yense wadziwa. Anthu amatenga pangongole mobisa, amatikhulupirira.

Esinati: Pamenepo mwandigwira. Ena amalemba manambala m'malo mwa maina, koma ndiye mndandanda wa maina ndi manambalawo ufunanso posungira pake. Kwa inu mwina Drive yokha ndi kope lachiwiri kunyumba.

Nasibeko: Kunyumba komwe kuli abambo aja.

Chisomo wa Mafoni: Mayi Nasibeko, Drive ndi yanu nokha bola pasiwedi ikhale yanu ndipo foni ikhale yokiya. Ndiwonjezere chifukwa chimene bambo a Yamikani akuchitira bwino poika tsamba la Lamlungu ku Drive palokha, osangodalira bakapu ya WhatsApp. Bakapu ya WhatsApp simungaitsegule n'kuwerenga, ili ngati thumba losokedwa. Imatseguka pokhapokha mukuika WhatsApp mwatsopano pa foni, ndi nambala yomweyo ndi imelo yomweyo. Pa nthawi imeneyo imakufunsani kamodzi, pamatuluka Restore ndi Skip. Anthu amadina Skip chifukwa cha changu kapena bandulo, n'kuyamba kucheza. Foni yatsopano ikapanga bakapu yakeyake pa imelo yomweyo, imalemba pamwamba pa yakale ija, basi zatha. Ndinaona mayi wina wogulitsa zitenje akutaya maoda a chaka chonse choncho, foni yakale itagwera m'ndowa, bakapu ilipo bwinobwino, mwana wawo n'kudina Skip. Pamene chithunzi chimene mwaika nokha ku Drive mumachitsegula pa foni iliyonse, ndipo ngakhale mutachifufuta mwangozi chimakhala mu Trash masiku 30.

Bambo a Yamikani: Ndipo muziyesa. Ine kumayambiriro kwa mwezi ndimabwereka foni ya Yamikani, ndimalowetsa imelo yanga ndi pasiwedi ya mu envulopu ija, ndimatsegula tsamba la Lamlungu lapitalo n'kuwerenga maina awiri atatu, kenako ndimachotsamo akaunti yanga. Ulendo woyamba pasiwedi inakana. Ndinali nditalemba chilembo chaching'ono pamene panali chachikulu. Ndikanadzazindikira tsiku la tsoka, bwenzi ndikuliranso kachiwiri.

Che Jafali: Ntchito yonseyo chifukwa cha 155 sauzande? Kujambula, kutumiza, kukopera, kubwereka foni ya mwana. Nthawi yogulitsa muipeza kuti?

Bambo a Yamikani: Madzulo ndi mphindi zitatu, Lamlungu mwina theka la ola. Koma ndisaname, masiku ena ndimaiwala, makamaka magetsi akazima n'kutseka mothamanga. Sabata yatha ndinadumpha masiku awiri. Kungoti panopa ndikataya, nditaya za masiku awiri.

Che Jafali: Ine kope lachiwiri lokha ndilingalira. Za Google ayi. Mdzukulu wanga akabwera holide mwina azidzajambula.

Aphiri a Butchala: Ine ndayang'ana. Palembedwa kuti Never. Ndiye kuti chiyani, Chisomo?

Chisomo wa Mafoni: Ndiye kuti chigulireni foniyo sinapangepo ngakhale kamodzi, madala. Mugule bandulo ya intaneti usiku uno, muzimitse mavidiyo, mudine Back up foni ili pa chaja.

Mai a Tadala: Yanga ikuonetsa Ogasiti chaka chatha. Koma imelo imene ili pamenepo si yanga, ikuyamba ndi dzina la mwana wa achimwene anga amene anandipatsa foniyi. Iyeyo ali ku Mzuzu ndipo sitikulankhulana chichokereni maliro a agogo. Ndingoisintha ndiike yanga?

Chisomo wa Mafoni: Musafufute kanthu kaye mayi, ndipo WhatsApp musaichotse. Mauthenga anu onse ali mufonimo panopa, ndiye titsegula imelo yanu ndi nambala yanu, tiisankhe pa Chat backup, tipange bakapu yatsopano, tikaona kuti tsiku lasintha ndiye tiganize zochotsa ya mwanayo. Koma tiyang'anenso manambala a anthu, chifukwa mwina akusungidwa ku imelo yakeyo, mukaichotsa mothamanga asowa mufoni. Mawa mukubwera kutauni?

Mai a Tadala: Ndibwera cha m'ma 10 ndikamaliza kuoda. Foni ndiimangirira m'chitenje pokwera minibasi.